Mukalowa mu shopu ku Kariakoo, yambani ndi khutu

"Amayi, ndasonkhanitsa kampamba, ndikufuna ndikaode zitenje ku Dar ndizidzagulitsa ku Limbe. Koma ndikakumana ndi munthu wachilendo ndimauma pakamwa. Ndikayambira pati ndi eni mashopu?"

Achemwali, kuuma pakamwako kusakudetseni nkhawa. Amene amaluza ndalama ku Kariakoo, msika waukulu wa ku Dar, nthawi zambiri ndi olongolola, chifukwa mwini shopu akamafotokoza mtengo iwo amakhala akukonza kale zoyankha.

Mukalowa, musathamangire kugwira nsalu. Perekani moni, mudikire ayankhe, munene kuti mwachokera ku Malawi, mwadzera pa Songwe. Zimenezi zimamuuza kuti ndinu wodzaoda, si wogula chitenje chimodzi. Kenako funsani funso limodzi lokha, loti ayankhe motambasula: "Ndi ziti zikuyenda kwambiri masiku ano?" Mukatero khalani chete, ngakhale atayamba kutsitsa nsalu zimene simukuzifuna. Zimene wayamba kutsitsazo kawirikawiri ndi zimene akufuna zichoke msanga, ndiye pa zimenezo kunenerera sikuvuta.

Akafika pa mtengo, mvetserani chiganizo chonse mpaka chithe, chifukwa mawu ofunika amabwera kumapeto. Tiyerekeze kuti akuti pisi ya mayadi 6 ndi mashilingi 18,000 mukatenga mapisi 50, koma osakwana pamenepo ndi 21,000. Inu mwangogwira 18,000 ija n'kuyamba kusankha, mwasankha mapisi 30. M'mutu mwanu muli 540,000, iye akulemba 630,000. Kusiyana kwa 90,000 kumeneko kumatulukira katundu atamangidwa kale, ndipo mkangano wake umathetsa ubale usanayambe n'komwe, aliyense akuona ngati mnzake ndi wakuba. Njira yopewera ndi yosavuta. Bwerezani zimene wanena m'mawu anu, mulembe nambala pa foni kapena pa kakyuleta, mumuonetse: mtengo wa pisi imodzi, mapisi angati, komanso ngati akulola kusakaniza maluwa kapena mtolo uliwonse ndi wa mtundu umodzi. Wogulitsa akaona kuti mwamumva bwino amamasuka, ena mpaka amakukokerani mpando.

Nthawi nayonso imafuna khutu. M'Chiswahili maola amawawerenga kuyambira 6 koloko m'mawa, choncho akakuuzani kuti mubwere ola lachinayi akunena 10 koloko. Muonetseni pa wotchi kuti mugwirizane.

Tsono nthabwala. Malo ake ndi awiri basi pa kukumana koyamba. Oyamba ndi mukatha kupatsana moni, ndipo izikhala ya chinthu chimene nonse mukuchiona, monga kutentha kwa Dar kapena kutalika kwa ulendo: "Dzuwa lanu lino nalonso mumagulitsa pa dazeni?" Achiwiri, omwe ndi ofunika kwambiri, ndi pokana mtengo. Kunena kuti "mwadulitsa" kumamukakamiza kuti adziteteze. Koma mukamuonetsa kakyuleta uku mukumwetulira n'kunena kuti "iyinso yachita mantha ndi nambala yanuyi," mwakana mtengo popanda kumunyoza, ndipo akaseka amakhala ndi mpata wotsitsa osachita manyazi. Mukanena zimenezo musawonjezere china. Dikirani atchule nambala yatsopano yekha.

Zimene sizisekedwa pa tsiku loyamba ndi katundu wake, chipembedzo chake, mtundu wake ndi dziko lake. Ndimamva chisoni ndikaona wina atanyamula chitenje n'kunena moseka kuti "ichi chisuluka ndisanafike pa Karonga." Kuno ku Ndirande mawu otere amapita bwinobwino pakati pa anthu odziwana, koma kwa mlendo, makamaka akadzera mwa womasulira, chimene chimafika ndi chakuti mwamutchula wogulitsa zachinyengo. Ngati mukukayika za nsalu, funsani mwachindunji ngati imasuluka pochapa, nkhope ili bwinobwino. Nthabwala zokhudza kukwatirana nazonso zisiyeni, chifukwa ena amazitenga zenizeni, kenako mafoni a oda amasanduka ena.

Nthabwala ikalephera mudzadziwa msanga: mayankho amafupika, amayamba kupinda nsalu zimene anatambasula, kapena amatembenukira kwa kasitomala wina. Musaifotokozere, musayesenso ina yokonzera. Bwererani ku katundu ndi funso lenileni, monga loti mtundu wakutiwakuti ubweranso liti.

Musanatuluke tengani lisiti yolembedwa bwino, yokhala ndi dzina la shopu, chiwerengero cha mapisi ndi mtengo, poti a MRA pa Songwe adzaifuna powerengera msonkho. Pemphaninso nambala ya foni, ndipo mulembe pambali pake kanthu kamodzi kamene anakuuzani, kaya ndi tsiku lofika katundu watsopano kapena maluwa amene anati atha. Mukadzamutumizira uthenga muli kuno ku Blantyre, yambani ndi moni, mufunse za kanthu kameneko, kenako mutchule oda yanu.