Chifukwa chake amakukalipirani pa zinthu zazing'ono

"Mng'ono wanga akupita ku maphunziro a usilikali. Akuti masabata oyamba n'kumetedwa, kukalipiridwa ndi kuyala bedi basi. Kodi si nkhanza chabe?"

Ayi achimwene, zili ndi cholinga. Akangofika amametedwa, kupatsidwa yunifolomu ndi nambala, foni n'kusungidwa, kuti wolemera ndi wosauka ayambire pamodzi. Amadzutsidwa kusanache, ndipo chilichonse amachita mothamangitsana ndi nthawi.

Taonani za bedilo. Mlangizi amalowa m'chipinda, n'kupeza bulangete la mmodzi lili ndi khwinya kapena nsapato yosapukutidwa kunsi. Chipinda chonse chimayambiranso. Poyamba amakwiyirana, koma posakhalitsa wofulumira amayamba kuyang'ana bedi la mnzake mlangizi asanafike. Chimene akufuna n'chimenecho: munthu amene, ngakhale atatopa ndiponso akukalipiridwa, saiwala kachinthu kakang'ono, chifukwa mawa kachinthuko kadzakhala kuona ngati mumfuti mwatsala chipolopolo.

Chondidetsa nkhawa ine ndi miyendo. Kuthamanga ndi nsapato zatsopano kumabweretsa matuza, ndipo fupa la msongolo limatha kung'aluka pang'onopang'ono. Ululu ukakhala pamalo amodzi oti n'kuloza ndi chala, osaleka ngakhale atapuma, asabise. Akaonane ndi achipatala msanga.