Sivi imodzi yomweyo kapena kusinthasintha?

"Abale ndithandizeni. Ndili ndi dipuloma ya ICAM ndi zaka zitatu pa ntchito ya akaunti. Chaka chino ndaponya sivi yomweyi malo 14, palibe wandiitana. Ndizilemba yatsopano paliponse kapena?"

Achimwene, yatsopano paliponse ayi, mutopa mwezi usanathe. Koma imodzi yomweyo ndi imene ikukugwetsaniyo. Osankha aja amakhala atatu kapena anayi, mulu wa maenvulopu pa tebulo, ndi pepala la mizere lomwe alikopera pa chilengezo cha ntchito chija. Mzere wa maphunziro, wa zaka, wa pulogalamu ya kompyuta, wa misonkho. Ntchito yawo ndi kuchonga basi. Chomwe sanachione pa tsamba loyamba amachitenga kuti mulibe, ngakhale chili pa tsamba lachitatu.

Ndiye khalani ndi sivi yaikulu yosatumiza kulikonse, masamba asanu palibe vuto, momwe mwalemba ntchito iliyonse imene munagwirapo ndi miyezi yake. Pa imeneyo dulani ziwiri za masamba awiri awiri, ya kumakampani ndi ya kumabungwe. Tinene kuti kampani yogulitsa katundu wa pikulitsa ku Limbe ikufuna wothandizira za akaunti. Pamwamba pazikhala pulogalamu ya akaunti ya Sage, kuwerenga katundu wa m'nyumba yosungira, kutsata angongole, ndi zoti mumapereka PAYE ku MRA pofika pa 14 ndi VAT pofika pa 25 mwezi wotsatira, kudzera pa Msonkho Online. Bungwe la ku Lilongwe lodalira thandizo lakunja zimenezo silizifuna poyamba. Likufuna kuona bajeti ya pulojekiti, malipoti opita kwa opereka thandizo, kulondola malisiti a ndalama zomwe antchito anatenga popita kumudzi, ndi pulogalamu ya QuickBooks ngati aitchula. Munthu ndinu yemweyo, zaka zitatu zomwezo, mwangosintha zoyamba kuoneka.

Pa chilengezo chilichonse tengani ija yoyandikira, musinthe zinthu zitatu zokha: mizere itatu ya pamwamba yodzifotokoza, ndondomeko ya mfundo pansi pa ntchito yanu yomaliza, ndi mawu. Ngati iwo alemba mawu ena ake pa ntchito yoyanjanitsa buku la ndalama ndi sitetimenti ya banki, lembani mawu awo omwewo, osati anu, chifukwa wochonga nthawi zina ndi wa ofesi yolemba anthu ntchito, sadziwa kuti ndi chinthu chimodzi. Mphindi 20 kapena 30 zakwana. Mukadutsa ola mwayamba kupeka.

Ndipo kupekako ndi kumene kumapha anthu. Maina a udindo, masiku ndi maphunziro musakhudze. Munthu amasintha "wothandizira za akaunti" n'kukhala "woyang'anira zachuma" kuti zifanane ndi chilengezo. Aitanidwa ku intavyu, wavala jekete yobwereka, minibasi walipira ndi ndalama ya katapila. Akhala pansi, wapampando ali ndi sivi kumanja, kalata ya kuntchito kwakale kumanzere. Afunsa mofatsa, "Udindo uwu munaulandira liti, poti abwana anu alemba zina?" Chipinda chonse zii. Wina wayamba kale kulemba. Mafunso otsalawo amangofunsa mwaulemu, nkhani yatha. Ena amagwa chifukwa sakumbukira kuti anatumiza sivi iti, akunena 2021 pepala likunena 2022. Choncho iliyonse isungeni ngati PDF, dzina lake lomveka:

```
CV_Akaunti_Limbe_2025-03.pdf
```

Usiku woti mawa intavyu muwerenge yomweyo, osati yaikulu ija.

Amene amandikwiyitsa ndi anyamata a m'mashopu otayipa aja. Akulipiritsani, atsegula sivi ya kasitomala wa dzulo, asintha dzina ndi nambala ya foni, kwatha. Mizere yoti ndinu wolimbikira, wokhulupirika, woopa Mulungu, anthu khumi mawu amodzimodzi mu mulu umodzi. Choipitsitsa amasiya dzina la bungwe lina mu mzere wa pamwamba, inu osaona, mwaponya. Enanso ndi olemba ntchito amene munthu ali naye kale, chilengezo n'chongokwaniritsa mwambo, inu mwagona 2 koloko kukonza sivi. Pa malo 14 anuwo ena anali otero, musadzimenye kwambiri.

Komabe ngati tsiku lotseka ndi lero ndipo magetsi azima, ponyani ija yakonzeka kale osasintha kanthu, mphamvu zotsalazo muike pa kalata yofunsira ntchito, mutchule zofunika zitatu zoyamba za pa chilengezo chimodzichimodzi. Ku ntchito za boma nako musavutike kwambiri, kumeneko amayamba kuona mapepala a sukulu ndi zaka. Ma refari atatu aja muwaimbire musanaponye, mumve ngati nambala zawo zikugwirabe.