Pophunzitsa alimi za chisaka, muyambire pati?

"Achimwene, ndangoyamba kumene ntchito ya ulangizi kuno ku Thekerani, m'boma la Thyolo. Ndikamafotokoza za matenda a chisaka cha nthochi kuyambira pachiyambi, akuluakulu amawodzera. Ndikadumpha zina, ena amasokonezeka. Ndingadziwe bwanji poyambira?"

Achemwali, funso loti "Kodi chisaka mumachidziwa?" lisiyeni. Onse adzavomera kuti eya, makamaka amfumu akakhala pomwepo, ndipo inu simudzatolapo kanthu.

Ine msonkhano wotere ndimachititsira kumunda, pambali pa phata lodwala. Ndisanaphunzitse chilichonse ndimafunsa mafunso 3: ichi n'chiyani, chimachokera kuti, nanga mukachiona mumatani?

Loyambalo anthu a ku Thyolo amayankha mopikisana. Amakuuzani za masamba opyapyala oimirira mothinana kunsonga, achikasu m'mbali, ndiponso kuti nthochi yotere sibereka mkoko wooneka. Matendawa adawalanda ndalama za fizi, ndiye amawadziwa kuposa inu ndi ine. Mukatha mphindi 15 mukuwafotokozera zizindikiro, mwawanyoza osadziwa. Mphindi 2 zakwana.

Tcherani khutu pa funso lachiwiri. Tsiku lina bambo wina adati nthaka yaguga, wina adati ndi feteleza, mayi wina adati chimabwera ndi mphepo. Mayankho akabalalika chonchi, mwapeza pamene pakusoweka maziko, ndipo nthawi yanu yambiri ithere pamenepo. Ine ndidakanula khwaule la nthochi m'munsi mwa tsamba n'kuwaonetsa nsabwe zakuda zing'onozing'ono zitaunjikana. Ndidati nsabwezi zimayamwa nthochi yodwala n'kukasiya kachilombo pa yabwino, monga achitira udzudzu ndi malungo. Mawu oti vayirasi ndidangowatchula kamodzi, poti chofunika n'chakuti amve kuti kachilomboka kamalowa m'phata lonse, mpaka mwa ana a nthochi ooneka athanzi, ndipo palibe mankhwala ochiza.

Mukalumpha zimenezi, lachitatu lidzakuvutani. Ambiri amati amadula mtengo wodwalawo n'kusiya phata, mwinanso kupatsako mnansi ana ake akabzale. Munthu amene sanamve za kachilomboka mukamuuza kuti azule phata lonse, amangoona ngati mukumuwonongera chakudya.

Gulu likasakanikirana, odziwa ndi osadziwa, musabwereze nokha zoyambirira. Pemphani mlimi wamkulu kuti afotokozere anzake. Iye mwamulemekeza, ndipo achinyamata amva m'mawu akwawo. Komanso musayese gulu lonse ndi abambo awiri olankhula kutsogolo. Amayi okhala pamphasa nthawi zambiri sayankha pagulu, choncho fikani msanga mucheze nawo anthu asanasonkhane.

Pomaliza musafunse kuti "Mwamva?" Sankhani mmodzi amene anali chete, mumufunse kuti, "Mayi, mlamu wanu akabwera mawa kudzapempha ana a nthochi pa phata ili, mudzamuuza chiyani?" Akati adzamupatsa ooneka bwinowo, bwererani ku khwaule lija muwaonetsenso nsabwe.