Majezi a pa WhatsApp: ndidziwa bwanji kuti ndi olijino?

Funso: "Ndimagulitsa zovala ku Limbe. Wina wa ku Kariakoo ku Dar es Salaam wanditumizira zithunzi za majezi a Manchester United a 2023/24, akuti ndi olijino. Ndisanatumize mpamba wanga, ndiyang'ane chiyani?"

Achimwene, yambani mwadziwa kuti olijino alipo mitundu iwiri. Ilipo jezi yovala osewera m'bwalo, ndiye ilipo ya ochemerera, yomwenso ndi ya adidas yeniyeni koma yotsikirako mtengo. Ambiri amapusitsidwa poganiza kuti baji yosokedwa ndiyo umboni. Ayi. Pa jezi ya osewera baji imamatidwa ndi moto kuti isalemere, pamene yosokedwa imakhala pa ya ochemerera. Chaka chimenecho ya osewera inkalembedwa HEAT.RDY, ya ochemerera AEROREADY. Mukaona HEAT.RDY koma baji ili yosokedwa ndi ulusi, nkhani yathera pomwepo, ndi feki.

Zithunzi za kutsogolo sizikuthandizani kwenikweni. Muwauze aitembenuze jeziyo, ajambule kuseri kwa baji pafupi. Ya feki kawirikawiri imakhala ndi tizidutswa toyera ta pepala totsalira, ulusi wolendewera, ndipo nsalu yozungulira baji imakwinyika ngati yakokedwa. Kutsogolo kuzani chithunzi pa mawu a MANCHESTER ndi UNITED. Zilembo zizikhala zotalikirana mofanana, popanda kaulusi kodumpha kuchoka pa chilembo china kupita pa chinzake.

Nsalu ndi yovuta kuiweruza pa foni, musaidalire kwambiri. Aigwire poyang'anizana ndi dzuwa: ya osewera imaonetsa timabowo ndi kalukidwe kosiyana malo ndi malo, pamene feki yotchipa imangonyezimira paliponse.

Pakhosi onani zosindikiza za saizi ndi dziko lomwe inasokedwa, ngati zapendekeka kapena zilembo zake zafufuma. Koma chomwe ine ndimachikhulupirira kuposa zonse ndi kalebulo kakang'ono ka mkati, kokhala ndi nambala ya katunduyo. Kwa adidas ndi zilembo ziwiri ndi manambala anayi. Ilembeni pa Google. Pakatuluka jezi ya timu ina, kapenanso nsapato, musatumize ndalama. Pemphaninso kalebuloka pa majezi awiri osiyana, yofiira ya pakhomo ndi yovala koyenda, chifukwa opanga feki amakonda kusoka nambala imodzi pa majezi onse. Nambala ikagwirizana sikuti mwatsimikiza, poti ena amakopera molondola.

Ganiziraninso mtengo. Ku England ya ochemerera inkagulitsidwa pafupifupi mapaundi 80, ndiye amene akukupikulitsani pa mtengo wa kaunjika akukuuzani yekha chomwe ali nacho. Itanitsani imodzi kaye, ndipo pa chithunzi chilichonse aikepo kapepala kolembedwa dzina lanu ndi tsiku la lero, kuti asakutumizireni zithunzi zotapa pa intaneti. Ikafika n'kupezeka kuti ndi feki, musaigulitse kwa kasitomala ngati olijino.