Musayambe ndi fomula, yambani ndi anthu 10,000

"Anzanga, Lachinayi ndili ndi intavyu ya ntchito ya mashini lening pa kampani ina kuno ku Lusaka. Akuti adzafunsa za purobabilite. `P(A|B)` ndi `P(B|A)` zimandisokoneza, ndipo funso la ndalama zoyembekezeka ndimangoima njii. Ndiyambire pati masiku ochepawa?"

Asisi, masiku atatu akukwanirani ngati musiya kuloweza fomula n'kuyamba kuwerenga mitu ya anthu. Ine ndinagwapo pa funso lomweli pa intavyu yanga yoyamba. Lamulo la Bayes, lolumikiza `P(A|B)` ndi `P(B|A)`, ndinkalidziwa pamtima, koma atandiyang'ana anthu atatu patebulo ndinaika nambala ya pansi pamwamba.

Tiyambire pa Intasite, pokwerera mabasi aja. Mukatenga anthu onse opita ku Chipata pa basi yaikulu, ambiri amakwerera pamenepo. Koma mukaima pa Intasite n'kugwira munthu aliyense amene wadutsa, mwayi woti akupita ku Chipata ndi wochepa, chifukwa ena akupita ku Kitwe, ena ku Livingisitoni, ena ku Mongu, ena angobwera kudzalandira katundu. Anthu ake ndi omwewo, opita ku Chipata amene ali pa Intasite, koma gulu limene mukuwayerekeza nalo lasintha. Kamzere kaja `|` kamangokuuzani gulu limene mwaimamo: chili kumanja kwake ndicho mwachidziwa kale, ndipo chiwerengero chake chimapita pansi pogawa.

Tsopano funso lenileni. Ofunsa amakonda kulivalika malaya a matenda kapena a kuba, koma mkati ndi limodzi. Manambala otsatirawa ndi ongochitira masamu, si a kampani iliyonse. Tinene kuti pa ndalama zotumizidwa pa foni, kutumiza kumodzi pa 100 kuli konse ndi kwa akuba. Muli ndi modelo imene imaliza belu ikakayikira. Kukakhala kuba, imaliza belu maulendo 90 pa 100. Kukakhala kutumiza kwabwinobwino, imalakwitsa n'kuliza maulendo 5 pa 100. Belu lalira. Mwayi woti ndi kubadi ndi wotani?

Pakamwa pamathamangira kunena 90 peresenti, ndipo ofunsa amadikira zomwezo. Koma 90 uja ndi `P(belu|kuba)`, pamene akufunsa `P(kuba|belu)`. Pemphani pepala. Lembani kutumiza 10,000. Mwa kumeneku, kwa akuba ndi 100, kwabwino ndi 9,900. Pa 100 paja belu lilira ka 90, kuba 10 kudutsa mwakachetechete. Pa 9,900 paja 5 peresenti ndi 495, anthu osalakwa amene akungotumizira agogo ndalama za feteleza kumudzi. Ndiye belu lalira ka 585 konse, ndipo mwa amenewa akuba ndi 90 okha.

```
P(kuba|belu) = 90 / (90 + 495) = 90 / 585 = 0.154
```

Pafupifupi 15 peresenti. Pa mabelu 13 alionse, awiri okha ndi a akuba. Sikuti modeloyo ndi yachabechabe ayi. Vuto ndi loti anthu abwino ndi ochuluka kwambiri, moti ngakhale kulakwitsa pang'ono pa iwo kumabala mulu woposa akuba onse. Ngati akufuna kuona fomula, ilembeni mutamaliza kuwerenga, ndipo mudzaona kuti ndi zomwezo: pamwamba `0.9 × 0.01`, pansi `0.9 × 0.01 + 0.05 × 0.99`. Nenaninso kuti 90 peresenti ija ndi imene pa kompyuta imatuluka ngati `recall`, ndipo 15 peresentiyi ndi `precision`. Mukalumikiza ziwirizi nokha, asanakufunseni, amadziwa kuti simunangoloweza.

Akaona mwayankha, amasintha nambala imodzi. Nanga kuba kukachuluka kufika 10 pa 100? Musagwire modelo, sinthani magulu okha: akuba 1,000, abwino 9,000. Belu loona ndi 900, labodza ndi 450, ndipo 900 pa 1,350 ndi magawo awiri mwa atatu. Modelo yomweyo, yosasintha kanthu, yachoka pa 15 kufika pafupifupi 67 peresenti. Ichi n'chifukwa chake modelo imene inayesedwa pa deta yosankhidwa, theka akuba theka abwino, imaoneka yanzeru mu ofesi koma ikapita kwa makasitomala enieni imaliza mabelu abodza tsiku lonse. Njira yodzigwirira nokha ndi iyi: ngati yankho lanu silinagwiritse ntchito nambala ya kuchuluka kwa kuba poyambirira, mwatembenuza funso.

Za ndalama zoyembekezeka zimamera pa manambala omwewa, ndipo ine ndimaona kuti ndi pamene ambiri amataya mamakisi mosayenera. Tinene kuti belu likalira wantchito amaimbira kasitomala foni, ndipo kuimbako kumadya K20. Kukakhala kuba, foniyo imapulumutsa K500. Kodi aziimba? Chulukitsani chotuluka chilichonse ndi mwayi wake, kenako phatikizani.

```
0.154 × 500 + 0.846 × 0 = 77
77 - 20 = 57
```

Belu lililonse limabweza pafupifupi K57, ngakhale mafoni 11 pa 13 amapita kwa anthu osalakwa. Onani kuti palibe foni ngakhale imodzi imene imabweretsa K57 yeniyeni. Ina imapulumutsa K480 mutachotsa ndalama yoimbira, ina imangotaya K20. K57 ndi avereji ya mafoni ambirimbiri. Mutha kutsimikiza ndi manambala aja: mafoni 585 adya K11,700, ndipo akuba 90 ogwidwa apulumutsa K45,000. Yotsala ndi K33,300, mukaigawa ndi 585 ibwera K57 yomweyo.

Pitirizani nokha kufika pamalire, chifukwa ndi pamene funsoli limakoma. Kuimba kumasiya kupindula pamene ndalama yobedwa yatsika kufika K130, pakuti magawo awiri mwa 13 a K130 ndi K20 ndendende. Pansi pa apo mukuwononga zambiri kuposa zimene mukuteteza. Nanga kumene belu silinalire? Kulipo 9,415, ndipo akuba obisalamo ndi 10 okha, ndiye chotayika choyembekezeka pa kutumiza kumodzi ndi ngwee 53 basi. Simungaimbe foni ya K20 kuti muteteze ngwee 53. Nenaninso poyera zimene mwangoganizira: kuti foni imagwira kuba kulikonse, ndi kuti kasitomala wosalakwa sakwiya n'kusamukira ku netiweki ina. Akakwiya, ziro uja wa pa `0.846 × 0` amasanduka nambala yochotsera, ndipo malire amakwera.

Kafunso ka dayisi kamabweranso kawirikawiri, koma ndi kachidule. Mumaponya dayisi n'kulandira makwacha ofanana ndi nambala yatuluka, ndipo mukaikana mumaloledwa kuponyanso kamodzi. Kuponya kumodzi avereji yake ndi 3.5, choncho 4, 5 ndi 6 mumasunga, 1, 2 ndi 3 mumaponyanso. Theka la nthawi mwasunga ndipo avereji ndi 5, theka lina mwaponyanso ndipo ndi 3.5. Yankho ndi 4.25. Chinsinsi chake ndi kuyambira kumapeto, kuponya komaliza, n'kubwerera m'mbuyo.

Usiku uno tengani funso la belu lija, sinthani 5 peresenti ikhale 1, muwerenge mokweza ngati pali wina akumvetsera. Mukapeza 90 pa 189 ndiye mwalondola. Mukapeza china, jambulani pepalalo mulitumize, tione pamene mwapatukira.