Manambala atatu a bwana amene alibe nthawi

"Ndimagwira ntchito pa kabungwe kosunga ndi kubwereketsa ndalama. Abwana akufuna tsamba limodzi loti akangoponya diso adziwe mafomu angongole amene akudikira, amene wakhalitsa kwambiri, komanso ngati zinthu zikuyenda kapena zikuipa. Zonse timalemba mu Excel. Ndiyambire pati?"

Mayi, yambirani pa tebulo lanu, dashibodi, tsamba limodzi lija, ibwere pambuyo. Fomu iliyonse ikhale ndi mzere wake, ndipo pakhale makolamu awiri a madeti: B tsiku limene fomu inalandiridwa, C tsiku limene inatsekedwa, kaya ngongole yavomerezedwa kapena yakanidwa. Fomu ikadali kudikira, C ikhale yopanda kanthu. Deti la mu B lisamasinthidwe fomu ikachoka kwa kalaliki kupita ku komiti. Ndinaziona ndi maso pa ofesi ina imene ndinagwirapo: fomu ikabwezedwa kuti pakusowa siginecha ya mboni, ankailemba ngati yatsopano. Tsamba linkasonyeza masiku 3, pamene mwini fomuyo anali atabwera kanayi kudzafunsa, atakhala pabenchi envulopu ili m'manja.

Manambala awiri oyamba ndi awa:

```
=COUNTIFS(B2:B2000,">0",C2:C2000,"")
=TODAY()-MINIFS(B2:B2000,B2:B2000,">0",C2:C2000,"")
```

Yoyamba ikuwerenga mafomu odikira. Yachiwiri ikupeza deti lakale kwambiri mwa odikirawo n'kulichotsera pa lero. MINIFS imapezeka kuyambira Excel 2019. Tsiku limene mudzamalize mafomu onse, MINIFS idzabweza 0 ndipo mudzaona masiku oposa 45,000. Musadzadzidzimuke, ingoikulungani mu IF kuti pakakhala palibe chodikira izisonyeza 0.

Pa manambala awiriwa, ine ndimakhulupirira wachiwiri kuposa woyamba. Tiyerekeze kuti mafomu odikira alipo 60 ndipo mumatseka 12 patsiku. Mutamawatenga motsata mzere, 60 kugawa ndi 12 ndi masiku 5 ogwira ntchito, ndiye fomu yakale kwambiri ingakhale ya sabata imodzi kapena kupitirirako pang'ono. Koma tsamba likunena masiku 41. Apa ndiye kuti anthu akusankha zofewa: fomu yoti zonse zili m'malo imatuluka tsiku lomwelo, yovuta imakankhidwira pansi pa mulu. Nambala ya 60 ikhoza kukhala chomwecho mwezi wathunthu, abwana n'kumati zili bwino, mlimi amene anapempha ngongole ya feteleza mvula itamupitirira kale. N'chifukwa chake pambali pa 41 muike nambala ya fomuyo ndi desiki imene yaima, kuti woona adziwe pokagogoda. Pansi pake onjezani kamzere konena kuti opitirira masiku 14 ndi angati, chifukwa fomu imodzi yokakamira ndi vuto lina, mafomu 20 okalamba ndi vuto linanso.

Za mayendedwe, ambiri amakopera nambala ya lero pamanja madzulo alionse, ndipo tsiku limene wokoperayo wapita kumaliro mzere umaduka. Poti muli ndi madeti awiri aja, mbiri mukhoza kuibweza yokha. Lembani madeti a masiku 28 apitawa mu kolamu E, kenako pambali pake:

```
=COUNTIF(B:B,"<="&E2)-COUNTIF(C:C,"<="&E2)
```

Apa mukutenga onse amene anali atalowa pofika tsikulo, kuchotsapo amene anali atatsekedwa. Kokerani pansi, jambulani kagirafu kamzere kudzera pa Insert, Sparklines. Ndanena 28 chifukwa ndi masabata anayi athunthu. Ngati komiti yanu imakumana Lachisanu, mulu umakula sabata yonse n'kugwa Lachisanu, choncho kuyerekeza lero ndi dzulo kungokuzunguzani mutu. Yerekezani Lachitatu lino ndi Lachitatu lapitalo, ndipo mulembe m'mawu: "akwera ndi 9 pa sabata yatha".

Poyala tsambalo, manambala awiri aja akhale aakulu pamwamba, kagirafu pafupi nawo, zonse zokwana pa sikirini ya foni. Mtundu wofiira usungireni chinthu chimodzi chokha, kupitirira malire amene munalonjeza mamembala anu. Ngati munati masiku 14, pofika 15 pafiire, ndipo palembedwenso mawu oti "yapitirira", poti alipo anthu amene sasiyanitsa bwino kufiira ndi kubiriwira, komanso tsamba likasindikizidwa pa pirinta ya inki yakuda mitundu imatha.

Chomaliza chimene chimapweteka anthu ndi deti lolembedwa ngati mawu. Excel saliwerenga, ndipo fomuyo imasowa pa dashibodi mwakachetechete. Mungalizindikire chifukwa limatsamira kumanzere kwa kabokosi, pamene deti lenileni limatsamira kumanja. Ikani pakona `=COUNTA(B2:B2000)-COUNT(B2:B2000)`. Ikasonyeza china osati 0, kakonzeni madetiwo abwana asanatsegule tsamba.