Mankhwala amene mayi sanamwepo, tizilombo tinawadziwira kuti?

"Mayi anga anadwala matenda a m'chikhodzodzo. Atapima mkodzo, adokotala anati tizilombo take sitikumva mankhwala atatu. Chondidabwitsa n'chakuti awiri mwa mankhwalawo mayi sanamwepo chibadwire. Kodi thupi lingazolowere bwanji mankhwala amene silinawalawepo?" Wowerenga wa ku Zomba

Pepani ndi matenda a mayiwa, ndikhulupirira kuti tsopano akupezako bwino. Thupi lawo silinazolowere kanthu ayi. Amene sakumva mankhwala ndi mabakiteriya, ndipo mabakiteriya ali ndi khalidwe limene ife anthu tilibe. Ife majini, malangizo a m'thupi amene mwana amatengera kumtundu, timalandira kamodzi kokha, kuchokera kwa bambo ndi mayi. Bakiteriya amatha kulandira majini kwa mnzake wongokumana naye, ngakhale wa mtundu wina, n'kusanduka wosamva mankhwala tsiku lomwelo.

Chimene chakudabwitsani inu chinadabwitsanso madokotala a ku Japani m'zaka za m'ma 1950. Kumeneko kunali kamwazi wambiri, woyambitsidwa ndi bakiteriya wotchedwa Shigela. Cha m'ma 1955 anayamba kupeza Shigela wosamva mankhwala anayi nthawi imodzi: salufa, sitireputomaisini, kuloramufenikolo ndi tetirasaikilini. Panthawiyo ankadziwa kuti jini ikhoza kusintha yokha mwangozi, bakiteriya mmodzi mwa mamiliyoni n'kupulumuka ku mankhwala amodzi. Koma ngozi zinayi kugwera bakiteriya mmodzi pakamodzi? Zimenezo sizinkamveka. Chinanso, m'matumbo mwa odwala omwewo ankapezamo Ikolai, bakiteriya amene tonsefe tili naye m'mimba, nayenso wosamva mankhwala anayi omwewo.

Mu 1959 magulu awiri a akatswiri, lina la Ochiai lina la Akiba, anasakaniza Ikolai wosamva mankhwala ndi Shigela womva mankhwala. Pambuyo pake Shigela uja anapezeka kuti mankhwala onse anayi sakumuphanso. Zinkatheka pokhapokha maselo amoyo akakhudzana.

Chimene chinkasamuka ndi pulasimidi. Bakiteriya ali ndi chingwe chachikulu cha DNA chosunga majini a moyo wake wa tsiku ndi tsiku, koma ambiri amakhalanso ndi timphete ting'onoting'ono ta DNA tapadera. Timeneti ndiye mapulasimidi. Bakiteriya wokhala ndi pulasimidi yotha kusamuka amameretsa kaulusi kumtunda kwake, n'kukola nako mnzake, n'kumukokera pafupi mpaka atagundana. DNA imakhala ya nkhosi ziwiri zopotana. Wopatsayo amadula nkhosi imodzi n'kuilowetsa mwa mnzakeyo, kenako aliyense amapanga nkhosi yomwe ikusowa. Mapeto ake onse awiri ali ndi pulasimidi yathunthu. Njira imeneyi amaitcha konjugeshoni, ndipo anaitulukira Joshua Lederberg ndi Edward Tatum mu 1946.

Ine ndimaiyerekeza ndi kupala moto. Mukapala moto kwa aneba, iwo moto wawo suzima, ndipo wina akhoza kudzapalanso kwa inu. Wolandira pulasimidi nayenso amasanduka wopatsa, komanso akamagawikana ana ake onse amabadwa nayo. Ikolai akapeza chakudya ndi kutentha komuyenera amagawikana pa mphindi 20 zilizonse.

Apa ndiye pagona yankho lanu. Pulasimidi imodzi imanyamula majini angapo m'phukusi limodzi. Jini ina imapanga enzaimu yophwanya amokisilini asanagwire ntchito. Ina imapanga kapampu kotulutsira tetirasaikilini kunja kwa selo. Inanso imapatsa bakiteriya njira yolambalala pamene bakitilimu amatchinga. Munthu akamwa amodzi okha mwa mankhwalawa, mabakiteriya opanda phukusi amafa, okhala ndi phukusi amatsala, malo ndi chakudya zonse n'kukhala zawo. Mankhwalawo sanaphunzitse bakiteriya kalikonse, anangomulambulira munda. Ndipo wotsalayo wanyamula majini okanira mankhwala enanso amene munthuyo sanamwepo.

Bakiteriya wotereyu amalowa mwa ife ndi madzi, chakudya kapena manja osasamba. Amatha kuchokera kwa munthu wina amene anamwa mankhwalawo, kapena ku nkhuku zomwetsedwa mankhwala kaŵirikaŵiri. Amakhala phee m'matumbo miyezi yambiri osadwalitsa munthu, uku akugawira anzake. Matenda ambiri a m'chikhodzodzo amayamba Ikolai wa m'matumbo akalowa m'njira ya mkodzo, ndiye ndikuganiza kuti ndi mmene zinayendera ndi mayi.

Pali njira zina ziwiri. Yoyamba ndi tiransifomeshoni. Bakiteriya akafa amaphulika, DNA yake n'kumwazika, ndipo mitundu ina imatola tizidutswato n'kutilumikiza ku chingwe chake. Frederick Griffith anaona zimenezi mu 1928 ku Mangalande. Anabaya mbewa ndi nyumokokasi wamoyo wosadwalitsa, wosakaniza ndi woopsa amene anamupha kale ndi kutentha. Mbewa zinafa, ndipo m'magazi mwake munapezeka woopsa uja ali wamoyo. Mu 1944 gulu la Oswald Avery linaonetsa kuti chotoledwacho ndi DNA. Nyumokokasi, amene amayambitsa chibayo ndi matenda oumitsa khosi, anayamba kusamva penisilini mwanjira imeneyi, potola majini kwa abale ake okhala m'kamwa ndi kukhosi. Malire ake ndi akuti kachidutswako kamalumikizika pokhapokha kakafanana ndi DNA ya wotolayo, motero njirayi imayenda pachibale.

Inayo ndi tiransidakishoni, imene Norton Zinder ndi Lederberg anaipeza mu 1952 mwa Salimonela. Mabakiteriya nawonso amagwidwa ndi mavairasi awoawo. Nthawi zina vairasi ikamadzilongedza m'kati mwa bakiteriya imalakwitsa, n'kunyamula DNA ya bakiteriyayo m'malo mwa yake, n'kukaithira mwa wina. Imanyamula zochepa zokwana m'mutu mwake, ndipo vairasi iliyonse imagwira mitundu yochepa chabe. Njirayi ndi yofunika kwa sitafilokokasi wa zithupsa ndi mabala. Koma kwa mabakiteriya a m'matumbo, konjugeshoni ndiyo imandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa imadumpha mitundu ndiponso imasamutsa phukusi lonse.

Kwathu kuno taziona. Kuyambira 2011 taifodi anachuluka kwambiri mu Blantyre, ndipo mtundu umene unafalawo sunkamva ampisilini, kuloramufenikolo ndi bakitilimu, onse atatu pamodzi. Mwa mabakiteriya amenewo phukusi lija linali litaloŵerera kale m'chingwe chachikulu cha DNA. Zikafika pamenepo, ngakhale anthu atasiya kumwa mankhwalawo, majiniwo satayika msanga. Kafukufuku wa magazi a odwala ku chipatala cha Gulupu anapezanso kuti Ikolai wokhala ndi enzaimu yophwanya sefitiriyakisoni, jakisoni amene zipatala zathu zimadalira, sankafika mmodzi pa 100 mu 2003, koma pofika 2016 anali pafupifupi 30 pa 100.

Za pepala la zotsatira za kupima mkodzo limene mayi analandira: kulabotale amabzala bakiteriya wa mumkodzo m'kambale, n'kuikapo timapepala tozungulira, kalikonse konyikidwa m'mankhwala ake. Amasiya usiku wonse pa kutentha kofanana ndi kwa thupi. Kukacha amayeza bwalo loyera lozungulira kapepala kalikonse. Bwalo likakula ndiye kuti mankhwalawo alepheretsa bakiteriya kumera, ndipo amalemba S. Bakiteriya akamera mpaka kuyandikira kapepalako amalemba R. Kuyezaku sikunena ngati jiniyo inabwera ndi pulasimidi kapena ndi vairasi, kumangonena mankhwala amene angathandize.

Pepalalo lisungeni m'buku lawo la kuchipatala. Bakiteriya uja akhoza kukhala akadali m'matumbo ngakhale mayi achira, choncho matendawa akadzabwerera m'miyezi ikubwerayi, mukawaonetse adokotala asanalembe mankhwala, ndipo musawagulire pagolosale alionse mwa atatu olembedwa R aja.